Sabata yosaka zaka za mnyamata

Lolemba m'mawa kunali kamvula kowaza ka ku Mzuzu kuno. Ndinapeza mayi a ku Chibavi akundidikira pakhonde la ofesi. Mwana wawo ali ku ndende ya Zomba, ndipo chilango chake cha imfa chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse.

"Achimwene, poti a Pulezidenti anamukhululukira, atuluka liti?"

Funso limeneli limandisowetsa poyambira. Ndinati, "Amayi, chingwe chokha ndiye chachoka. Mlandu wakupha udakalipo, ndipo chilangochi chilibe tsiku lotulukira." Anangoti chete.

Ambiri amati poti boma linasiya kunyonga mu 1992, lamulolo linatha. Ayi, lidakalipo. Chimene khoti linathetsa pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 n'chokakamiza jaji kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha.

Lachiwiri ndinkafuna kuyamba kalata yopempha chifundo. Gawo 89 la malamulo aakulu a dziko limalola Pulezidenti kukhululuka kapena kuchepetsa chilango, atakambirana ndi komiti yomulangiza. M'kalatamo sititsutsa chigamulo. Timanena za khalidwe la munthuyo kundende, matenda ake, zaka zimene wakhalamo, komanso ngati mfumu ndi abale a malemu angamulandire. Pongodzaza fomu, ndinafunsa chaka chimene anabadwa.

"Chaka sindidziwa. Koma tsiku la riferendamu ndinakavota ndili wotopa, ndipo sabata isanathe ndinachira."

Ndinaika bolopeni pansi. Riferendamu inali pa 14 Juni 1993, mlandu unachitika mu Febuluwale 2011. Ndiye kuti mnyamatayo anali ndi zaka 17 ndi miyezi isanu ndi itatu, pomwe mufayilo analemba 20. Mwina wolembayo anangoona msinkhu. Lamulo silola chilango cha imfa kwa munthu amene anali asanakwanitse zaka 18 pa tsiku lopalamula, osati pa tsiku logamula. Apa si popempha chisoni ayi, ndi popita kukhoti ndi apilo.

Koma khoti silingakhutire ndi mawu a mayi okha. Lachitatu ndi Lachinayi zinathera pa kabaza. Kaundula wa kusukulu sanandithandize: analemba 1992, ndipo makolo ambiri ankawonjezera zaka kuti mwana alembedwe msanga. Khadi la kusikelo linadyedwa ndi chiswe kalekale. Chinatipulumutsa ndi buku la ubatizo. Mkulu wa mpingo analitulutsa m'sutikesi, ndipo munali tsiku lobadwa, 19 Juni 1993, pakati pa mayina ena a chaka chomwecho, inki yake yofanana. Kundondomeka kumeneko n'kumene kumasonyeza kuti sizinalembedwe dzulo.

Lachisanu mkuluyo analumbira ndi kusayina. Loya wathu wati tiyambe tapempha chilolezo chochita apilo mochedwa, poti nthawi inadutsa kale. Kalata ya chifundo ija ndaisunga kaye m'dirowa. Mayi aja abweranso Lolemba ndi mlongo wawo amene anaimira mwanayo pa ubatizo.