Mmene tinawerengera mapointi a Giredi 12 a mphwanga

Zotsatira za ECZ zitatuluka, mphwanga amene anamaliza Giredi 12 kuno ku Chipata anabwera nazo akuti, "Amalume, ndili ndi mapointi 12." Ndinamuuza kuti tikhale pansi tiwerengere limodzi tisanadzaze fomu ya koleji.

Pa mayeso amenewa phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo yaing'ono ndiyo yabwino. 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 ndi 4 meriti, 5 ndi 6 kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndiye kulephera. Timaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, choncho palibe amene angatsike kupitirira mapointi 6.

Iye analemba asanu ndi atatu: Siviki 1, Chinyanja 1, Bayoloji 2, Zachipembedzo 2, Sayansi 3, Jogirafi 3, Chizungu 5, Masamu 6. Anangotola manambala asanu ndi limodzi aang'ono, n'kupeza 12. Kuphatikiza kwake kunali kolondola, koma Chizungu anachisiya kunja, pamene ndicho sichisiyidwa, ngakhale satifiketi yeniyeniyo imafuna kuti mwana achikhoze. Tinayamba ndi 5 wa Chizunguyo, n'kuwonjezera 1, 1, 2, 2 ndi 3. Zinakwana 14. Pakati pa Sayansi ndi Jogirafi tinangotenga imodzi, popeza zonse ndi 3.

Apa ndi pamene ndimafuna makolo anzanga amvetse. Mwanayu amafuna unamwino, ndipo fomu imene anali nayo inkafuna kirediti mu Chizungu, Masamu ndi phunziro la sayansi. Ndinamuuza kuti atatu amenewa akhale pamwamba pa pepala, kaya manambala ake ndi aakulu bwanji: 5, 6 ndi 2 wa Bayoloji, pamodzi 13. Malo atatu otsala ndiwo tinadzaza ndi abwino, 1, 1 ndi 2, n'kufika pa 17. Mwana yemweyo, pepala lomwelo, koma 17 ndi amene amauza zoona za mpikisano umene akulowamo.

Tinaonanso ngati fomuyo imawerenga maphunziro asanu ndi limodzi kapena asanu okha. Pa asanu tikanachotsa Zachipembedzo n'kutsala ndi 15, ndipo 15 ameneyo sungamuyerekeze ndi 17 wa mnzako amene anawerenga asanu ndi limodzi.

Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi 6 wa Masamu uja, chifukwa akadali kirediti. Akanakhala 7, mapointi akanangokwera ndi imodzi kufika 18, koma fomuyo sakanayenera kuidzaza n'komwe mpaka atalembanso Masamu pa mayeso a GCE. Choncho pa fomu tinalemba phunziro lililonse ndi nambala yake monga zilili pa pepala la ECZ, n'kuika kope ya pepalalo pambuyo.