Mitu yakhala m'malo mwake, patatha masiku atatu

Anzanga, usiku wapitawu ndamaliza kutayipa kope limodzi la manotsi anga a mbiri ya Nyasalandi. Masamba 41 a m'kope atsika kufika pa 9, ndipo mtima wakhala pansi.

Chimene chinandidyera masiku atatu ndi mitu. Mbali yoyamba ndinailemba pa foni, kenako nkuikopera mu Word pa laputopu. Ndikaika kasa pa mzere wakuti "Kuukira kwa Chilembwe, 1915" nkudina `Ctrl+Alt+2` kuti ukhale Heading 2, tsamba lonse linkasanduka mutu, zilembo zikuluzikulu mpaka pansi. Mu Navigation Pane munkatuluka chindime chathunthu m'malo mwa mawu anayi aja. Ndinatsegula fayilo yatsopano, ndinakoperanso, koma ayi ndithu, zomwezo.

Lachitatu ndi pomwe ndinadina `Ctrl+Shift+8` kuti zizindikiro zobisika zioneke. Kumapeto kwa mizere kunalibe ¶, kunali timivi topindika. Timivi timeneti timangodula mzere osatseka ndime, ndiye Word inkaona tsamba lonse ngati ndime imodzi, ndipo sitayilo ya mutu imagwira ndime yonse. Mankhwala ake ndi `Ctrl+H`: bokosi la pamwamba `^l`, la pansi `^p`, kenako Replace All. Mphindi imodzi sinakwane. Chenjerani chabe, pomwe panali timivi tiwiri totsatizana pamatsala ndime zopanda kanthu, ndipo izi ndinazichotsa posintha `^p^p` kukhala `^p`.

Mawu ofunika sindikuwadetsanso ndi `Ctrl+B`. Ndinapanga sitayilo yangayanga ya mtundu wa Character, nkumaiika pa mawu ngati thangata, msonkho wa nyumba ndi chitaganya, koma pomwe akumasuliridwa pokha. Ubwino wake, nditha kuwasankha onse kamodzi nkuwakopera pa tsamba lomaliza lodziyesera ndekha. Sindipyola mawu asanu pa tsamba, chifukwa chaka chatha ndinadetsa pafupifupi theka la mzere uliwonse ndipo diso linalibe poima.

Manambala ndiwo akundiopsabe. Aphunzitsi akamathamanga, 3 wanga amatsekeka nkuoneka ngati 8. Ndinatayipa kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasalandi chinayamba mu 1958, ndipo sindinakayike, poti 1958 ndi chaka chomwe Dokotala Banda anabwerera kuno. Choona ndi 1953. Tsopano chaka chilichonse chomwe sindikuchiwerenga bwino ndimachitsatiza ndi `??`, ndipo sindipulinta mpaka `Ctrl+F` asapezenso ngakhale chimodzi.

Kupulinta ndimapitabe kwa amayi ena a kumsika. Amapulinta mbali zonse ziwiri, inki yawo siyenderera, ndipo ndimawapatsira PDF kuti mitu isasunthe pa kompyuta yawo.

Makope anayi atsala. Ndikufuna onse athe mwezi uno, akhale kabuku kamodzi kokhala ndi zam'katimu, mwinanso ndi mapu a m'mene chitaganya chinalili.