Sitopu iyambe, loti ibwere pambuyo

Kwa miyezi yambiri ndinkalowa mumsika wogula ndi kugulitsa ndalama zakunja ndi loti, kapena kuti kukula kwa malonda, yofanana tsiku lililonse. Pamalo polembedwa Volume mu MetaTrader, pulogalamu yochitira malondawa, panali 0.20 ndipo sindinkapakhudza. Chimene ndinkasuntha chinali sitopu, mzere umene malonda amatsekekerapo okha mtengo ukanditembenukira. Ndikafuna kuti ndisaluze madola opitirira 24, ndinkaika sitopu mapipi 12 kuchokera polowera, pipi kukhala kagawo koyezera kuyenda kwa mtengo, osayang'ana n'komwe ngati patchati pali chifukwa choti ikhale pamenepo. EURUSD, mtengo wa yuro m'madola, imatha kuyenda mapipi 12 mkati mwa kandulo imodzi ya patchati yoimira ola limodzi popanda nkhani iliyonse. Choncho mtengo unkangotsika pang'ono, n'kunditulutsa, kenaka n'kulowera komwe ndinkaganiza kuja ine nditatsala m'malere. Ndinkadandaula kuti buloka, kampani imene ndimachitirako malonda, akundisaka. Palibe amene ankandisaka, sitopu ndinkaiika ndekha panjira pomwe mtengo umadutsa tsiku ndi tsiku.

Masiku ano ndimayamba ndi zinthu ziwiri zimene sizidalirana. Ndalama zoti ndingaluze zimachokera ku akaunti. Mtunda wa sitopu umachokera patchati. Loti ndi yankho la samu, si chinthu chimene ndimasankha. Ndikuonetsani mmene ndinachitira pa malonda amodzi a EURUSD, kuyambira pomwe ndinatsegula tchati mpaka pomwe anatsekeka.

Choyamba ndinayang'ana akaunti. Munali madola 2,350 ndipo ndinalibe malonda ena otsegula, choncho Balance, ndalama za mu akaunti, ndi Equity, ndalama zomwezo kuphatikiza phindu kapena kuluza kwa malonda otsegula, zinali zofanana. Zikasiyana ndimatenga yocheperapo, chifukwa kuwerengera pa ndalama zimene theka lake lili kale m'madzi ndi kudzinamiza. Lamulo langa ndi 1 peresenti pa malonda amodzi, ndiye kuti madola 23.50. Nambala imeneyi ndinailemba papepala ndisanayambe kusirira makandulo.

Ena amati 1 peresenti ndi yamantha. Ine chimene chinandikhazika pansi ndi kuwerengera kuluza kakhumi motsatizana, zomwe zimachitika ndithu kwa munthu amene wakhalitsa pamsika. Pa 1 peresenti, akaunti imatsika ndi 9.6 peresenti. Pa 5 peresenti imatsika ndi pafupifupi 40 peresenti, ndipo kuti mubwerere pomwe munali mufunika kupindula pafupifupi 67 peresenti ya zotsalazo. Dzenje loyambalo munthu amatulukamo mutu uli bwinobwino. Lachiwirilo limakupangitsa kuyamba kubwezera msika.

Kenaka ndinapita patchati cha ola limodzi. Mtengo unali ukukwera, unabwerera pang'ono, n'kukaima pa 1.0824, kenaka unayambanso kukwera. Ganizo langa logula linatsamira pa malo amenewo: bola mtengo usatsike kupyola 1.0824, ndiye kuti kukwerako kukadalipo. Funso limene ndimadzifunsa apa si loti ndikufuna kuluza zingati ayi. Ndimafunsa kuti, kodi mtengo ukafika pati ndivomereze kuti ndinaganiza molakwa? Yankho linali pansi pa 1.0824.

Koma sitopu sindiika ndendende pa nsonga ya kandulo yotsikitsitsayo. Aliyense amene akuyang'ana tchati chomwecho akuiona nsongayo, ndipo kawirikawiri mtengo umabwera n'kupyolapo ndi mapipi awiri kapena atatu usanatembenuke. Ndinasiya mpata wa mapipi 7, sitopu n'kukhala pa 1.0817. Mpatawu ulibe nambala yopatulika. Ndimaona kutalika kwa michira ya makandulo apafupi, ndipo tsiku limenelo michira yambiri inali ya mapipi anayi kapena asanu. Msika ukakhala wolusa ndimawonjezera.

Mtengo wogulira unali 1.0862. Apa pali kanthu kamene kanandipusitsa nthawi yaitali. Makandulo a pa MetaTrader amajambulidwa ndi mtengo wa Bid, pomwe munthu akamagula amalowa ndi wa Ask, umene uli pamwamba pang'ono. Kusiyana kwakeko ndi sipuledi. Ndiye poyeza mtunda ndimayambira pa Ask, osati pomwe kandulo yathera. Kwa amene akugulitsa zimatembenuka: amalowa ndi Bid koma sitopu yake imagundidwa ndi Ask, mtengo umene suoneka m'makandulo, choncho sipuledi ayenera kuiwonjezera pamwamba pa sitopu. Mukadzaona kuti mwatulutsidwa chonsecho kandulo sinafike pa mzere wanu, yambani mwaona pamenepo musanakalipire wina.

Kuchotsa 1.0817 pa 1.0862 kumatsala 0.0045, omwe ndi mapipi 45, popeza pipi imodzi pa EURUSD ndi 0.0001. Chenjerani ngati mukuyeza ndi kachida ka Crosshair. Mabuloka ambiri amaonetsa manambala asanu pambuyo pa kadontho, ndipo kachidako kamawerenga timagawo ting'onoting'ono, moti kandionetsa 450 m'malo mwa 45. Mukalowetsa 450 mu samu ngati mapipi, loti ituluka yochepa kakhumi. Kulakwa koteroko sikupha. Kumene kumapha ndi kobwerera kwinaku, kugawa ndi khumi pomwe simunayenera kutero.

Chotsala chinali kudziwa kuti pipi imodzi ndi ndalama zingati. Loti yathunthu ya EURUSD ndi mayuro 100,000, ndipo 100,000 kuchulukitsa ndi 0.0001 ndi madola 10. Akaunti yanga ndi ya madola, ndiye panalibe chosintha. Samu yonse ndi iyi:

```
loti = ndalama zoluza / (mapipi a sitopu x mtengo wa pipi pa loti 1)
loti = 23.50 / (45 x 10) = 0.0522
```

Buloka wanga salola 0.0522. Amalola 0.05 kapena 0.06. Ndinatenga 0.05, ndipo nthawi zonse ndimatsitsa, ngakhale yankho litakhala 0.059. Pa 0.06 sitopu ikagundidwa ndiluza madola 27, omwe ndi 1.15 peresenti. Zikuoneka zazing'ono, koma ndikudzidziwa. Ndikadzilola lero, mawa ndidzapeza chifukwa cha 0.08.

Ndisanadine, ndimabwereza samuyo chobwerera. Loti ya 0.05 ndi masenti 50 pa pipi. Mapipi 45 ndi madola 22.50. Komishoni ya buloka wanga ndi madola 7 pa loti yathunthu, kulowa ndi kutuluka, ndiye pa 0.05 ndi masenti 35. Zonse pamodzi 22.85, pansi pa 23.50. Kubwereza kumeneku kumatenga masekondi ochepa ndipo n'kumene kumagwira kadontho koikidwa pamalo olakwika, monga kulemba 0.5 m'malo mwa 0.05. Ndikanakhala ndi loti yanga yakale ija ya 0.20 pa sitopu yomweyi, ndikanaika pachiswe madola 90, pafupifupi 3.8 peresenti, osazindikira.

Mwina mwaona kuti levaleji, mwayi umene buloka amapereka wotsegula malonda aakulu ndi chikole chochepa, sinalowe paliponse. Ilibe malo mu samuyi. Loti ya 0.05 ndi mayuro 5,000, omwe pa 1.0862 ndi madola 5,431. Levaleji ikakhala 1:100 buloka amagwira chikole cha madola pafupifupi 54, ikakhala 1:500 amagwira pafupifupi 11. Konsekonse sitopu ikagundidwa ndiluza madola 22.50 omwewo. Levaleji yaikulu imangokutsegulirani chitseko choti mulowe ndi loti yoposa msinkhu wanu.

Tsikulo ndinalowa pa 1.0862 pomwepo, koma sizikhala choncho nthawi zonse. Nthawi zina ukamamaliza kuwerengera umapeza mtengo wathawa. Ukanafika pa 1.0879, sitopu ikanakhalabe pa 1.0817, chifukwa malo otsikitsitsa aja sanasunthe. Mtunda ukanakhala mapipi 62, samu ikanapereka 0.0379, ine n'kulowa ndi 0.03, kapena kungosiya poona kuti phindu lotsala lachepa. Chimene sindichitanso ndi kukokera sitopu m'mwamba kuti 0.05 ikwanirebe. Kumeneko ndi kubwerera ku matenda anga akale aja.

Madola 10 pa pipi musawatenge ngati lamulo la paliponse. Amagwira pamene dola ili kumapeto kwa dzina, monga EURUSD ndi GBPUSD, komanso akaunti ili ya madola. Pa USDJPY pipi ndi 0.01, loti yathunthu imapereka mayeni 1,000 pa pipi, ndipo mtengo ukakhala 150 amenewo ndi madola pafupifupi 6.67. Ndikakhala pa chinthu chimene sindinachizolowere, ndimadina kumanja pa dzina lake mu Market Watch, n'kusankha Specification, n'kuwerenga Contract size ndi loti yochepetsetsa imene buloka amalola.

Pagolide ndi pomwe samuyi inandikaniza koyamba, sabata yomweyo. Kwa buloka wanga loti yathunthu ya XAUUSD ndi maaunsi 100, choncho 0.01 ndi aunsi imodzi, ndipo mtengo ukayenda dola imodzi inenso ndapeza kapena ndaluza dola imodzi. Tchati cha maola anayi chinkafuna sitopu yotalika madola 31. Ngakhale pa loti yochepetsetsa, 0.01, ndikanaika pachiswe madola 31, omwe ndi 1.3 peresenti. Pansi pa 0.01 palibe kolowera. Njira zinali zitatu: kufupikitsa sitopu n'kuiika pamalo opanda tanthauzo, kuphwanya lamulo la 1 peresenti, kapena kusiya. Ndinasiya. Zinandiwawa, makamaka poona golideyo akukwera mawa lake, koma akaunti ya madola 2,350 sikwanitsa golide pa tchati cha maola anayi, ndipo kuwawidwa mtima sikusintha zimenezo.

Malire ena ndi akuti sitopu si lonjezo la mtengo. Ndi lamulo loti malonda atsekedwe pa mtengo woyamba kupezeka mzere ukagundidwa. Msika ukatsegula pambuyo pa mapeto a sabata utadumpha, kapena pakatuluka nkhani yaikulu, mutha kutsekeredwa kutali. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya dziko la Switzerland itasiya mwadzidzidzi kuteteza mtengo wa 1.20 pa EURCHF, womwe ndi mtengo wa yuro mu ndalama za dzikolo, mtengo unagwa mofulumira moti masitopu ambiri anatsekeka kutali kwambiri ndi pomwe anaikidwa, ena mpaka kutsala ndi ngongole kwa buloka. N'chifukwa chake ndikafuna kugona ndi malonda kudutsa Loweruka ndi Lamlungu ndimadula loti pakati. Komanso ndikagula EURUSD ndi GBPUSD nthawi imodzi, sindiwerenga ngati malonda awiri osiyana a 1 peresenti. Onsewo akubetcha kuti dola ifooka, ndipo kawirikawiri amagwera limodzi, ndiye madola 23.50 aja ndimawagawa pakati pa awiriwo.

Malonda a EURUSD aja sanandipindulire. Mtengo unakwera mpaka chakuma 1.0890, unazungulirazungulira, ndipo tsiku lachiwiri masana unatsika n'kupyola 1.0824 osabwereranso. Ndinatsekeredwa pa 1.0816, pipi imodzi kupitirira sitopu. Mapipi 46 pa masenti 50 ndi madola 23, kuwonjezera komishoni 23.35. Mu akaunti munatsala madola 2,326.65, ndiye papepala lija ndinafufuta 23.50 n'kulemba 23.27.