Kusiyira mnzako kalasi: fomu ya ku ofesi siikwanira

Ndamaliza kupereka kalasi yanga kwa mphunzitsi amene walowa m'malo mwanga, koma mtima sunatsikebe chifukwa cha fomu ya ku ofesi ija. Ili ndi malo a dzina la mwana, malikisi, masiku amene anajomba, kenako kabokosi ka ndemanga kongokwana mawu awiri. Mawu awiri! N'chifukwa chake anthu amangolembamo "wochedwa kumva" kapena "wovuta", zinthu zimene sizithandiza aliyense Lolemba m'mawa.

Ine ndinatenga mapepala apadera. Sindinalembe za ana onse mofanana. Ambiri mzere umodzi unawakwanira, ndipo ndinakhalitsa pa ochepa amene mphunzitsi watsopano akhoza kuwalakwira sabata yoyamba yomwe. Pa aliyense ndinalemba zimene ndinaona ndi maso, zimene ndinayesa, ndi zimene zinathandiza.

Tengani mnyamata wina amene ndinamulandira ndi mbiri yakuti ndi wamwano. Ukamuitana uli kumanzere kwake satembenuka. Pa lembetso amalephera, koma ntchito yokopera pa bolodi amailemba bwinobwino, ndipo ukamalankhula amakuyang'anitsitsa pakamwa. Makolo atapita naye kuchipatala zinadziwika kuti khutu lamanzere silimva bwino. Ndiye kulemba kuti "ali ndi vuto la kumva" n'kosakwanira. Ndinalemba kuti akhale kutsogolo, mbali imene khutu lamanja lilunjike kwa mphunzitsi, kutali ndi chitseko kumene kumachokera phokoso. Musamapereke malangizo mukulemba pa bolodi mutamufulatira. Musamufunsenso kuti "wamva?" chifukwa amangogwedeza mutu, muuzeni abwereze zimene mwanena.

Masamu n'chimodzimodzi. Mtsikana wina malikisi ake ndi otsika, koma fomu siinena chifukwa chake. Mukamupatsa 52 kuchotsapo 27 amalemba 35, osati 25. Sikuti akungolota yankho ayi. Pa mzere uliwonse amachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu: 7 kuchotsa 2 apeza 5, kenako 5 kuchotsa 2 apeza 3. Ndiye kuti kubwereka sanakumvetse. Ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, akamasula mtolo umodzi yekha, amakhoza. Ndinaphatikizapo tsamba la m'kope lake kuti mnzangayo aone yekha cholakwikacho, asayambirenso kufufuza teremu yonse.

Tibwerere ku ofesi kuja. Nditapita ndi mapepala anga, anandibweza ati zonse zilowe pa fomu yovomerezeka. Ndinafunsa kuti nkhani ya khutu ija ikwana bwanji m'kabokosi, yankho n'lakuti "fupikitsani, aphunzitsi". Kenako amene amasunga chidindo anali atachoka ndi makiyi a kabati. Ndinakhala pabenchi tsiku lonse, ana anga akungosokosera m'kalasi. Mapeto ake ndinadzaza fomu yawoyo kuti asangalale, mapepala anga n'kuwapereka pamanja kwa mphunzitsi watsopanoyo. Mukachite zomwezo. Fomu ipite ku ofesi, koma zenizeni mupereke pamanja.

Ndatsala pang'ono kuiwala za matenda. Muli mwana amene amagwa khunyu, ndipo nkhani imeneyi sindinaisakanize ndi ya malikisi. Ndinayamba ndapempha makolo chilolezo, n'kuilemba pa pepala lakelake losungidwa mokiya, osati m'kaundula amene ana amanyamula. Ndinalembapo kuti akagwa, chotsani mabenchi pafupi, ikani chofewa kumutu, musamugwire mwamphamvu, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo kuphiriphithako kukaleka mumugoneke chammbali. Yang'anani wotchi: zikapitirira mphindi 5, n'zothamangira nazo kuchipatala. Ndinalembanso amene ayenera kuimbiridwa foni poyamba, chifukwa si nthawi zonse amene dzina lake lili pa fomu ndiye amayankha.

Za mavuto a kunyumba ndinalemba zochepa kwambiri, zokhazo zokhudza kuphunzira. Mphekesera sindinalembe. Pepala limayenda, ndipo tsiku lina kholo likhoza kuliwerenga. Ngati chiganizo simungachiwerenge mokweza kholo lili pompo, chisintheni.

Pomaliza ine ndi mphunzitsi watsopanoyo tinakhala pansi awiriwiri ana ataweruka, mapu a mmene ana amakhalira ali patsogolo pathu. Pamenepo m'pamene anandifunsa zimene sindikanaganiza kulemba: ndani sayenera kukhala pafupi ndi ndani, ndani amaopa kupempha kupita kuchimbudzi, ndani amasiya kulankhula ukamuloza pagulu koma amawerenga bwino mukakhala awiri. Musadalire ofesi kuti imupatse mnzanu mapepalawo, aperekeni pamanja. Ndamusiyiranso nambala yanga, tagwirizana kuti andiimbire pakatha masabata awiri, akadzakhala atawadziwa nkhope anawo.