Bimu ya mamita 6 imene inatidyera sabata

Lolemba m'mawa ndinapeza pulani ya nyumba yosanja ili padesiki panga, ndi kapepala koti ndiwerengere bimu imodzi yokha ya pamwamba pa chipinda chochezera. Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya ola limodzi, choncho ndinaipereka kwa mnyamata amene akuphunzira ntchito muofesi mwathu.

Bimuyo yakhala pa mizati iwiri, umene timautchula A kumanzere ndi B kumanja, ndipo pakati pake pali mamita 6. Nsonga zake sizinamangidwe mouma ayi, zangotsamira: mbali ina yagwidwa kuti isasunthe, inayo ili ndi mpata woyenda pang'ono bimu ikafutukuka ndi kutentha. Katundu yense akukankhira pansi, palibe chokankhira cham'mbali, ndiye zimene tinkafuna ndi manambala awiri okha, mphamvu imene mzati uliwonse ukubwezera m'mwamba. Ife timangoti mariyakishoni, RA ndi RB. Katundu anali wa mitundu iwiri. Kulemera kwa silabu pamodzi ndi kwa bimu yeniyeniyo kwayala mofanana utali wonse, 5 kN pa mita iliyonse, ndipo kN ndi kilonyutoni, muyeso wa mphamvu. Ndiye pali kamzati ka denga kamene kaponda pamalo amodzi, mamita 2 kuchokera pa A, ndi 24 kN.

Posakhalitsa mnyamata uja anabwera akumwetulira. "Bwana, ndamaliza. Zonse pamodzi ndi 54, ndiye mzati uliwonse 27."

Kuphatikizako anakhoza: 5 kuchulukitsa ndi 6 ndi 30, kuwonjezera 24 ndi 54. Koma kugawa pakatiko ndiye ayi. Ndinamufunsa ngati ananyamulako mtengo paphewa ndi mnzake, wina atapachikapo thumba pafupi ndi iyeyo. Anati ee, ndipo phewa limene limawawa ndi la amene ali pafupi ndi thumba. Basi nkhani yonse ili pomwepo. Kugawa pakati kumatheka pokhapokha katundu atakhala mofanana mbali zonse ziwiri.

Tinakhala pansi n'kuchita bwinobwino. Katundu woyala uja timamusonkhanitsa kaye ngati katundu mmodzi wa 30 kN ataima pakati pa utali umene wayalapo, apa ndi mamita 3 kuchokera pa A. Kenako timatenga mamomenti pa A, ndiko kuti katundu aliyense kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pa A. Timasankha pa A dala, chifukwa RA ili pomwepo, mtunda wake ndi ziro, ndiye imatuluka m'masamu n'kutisiyira RB yokha. Bimu sikuzungulira, choncho zoipendeketsera pansi ziyenera kufanana ndi zoibwezera m'mwamba:

```
RB x 6 = (30 x 3) + (24 x 2) = 138
RB = 23 kN
RA = 54 - 23 = 31 kN
```

Mzati wa A, umene uli pafupi ndi kamzati ka denga, wasenza 31, winawo 23. Mnyamata anagwedeza mutu, ine n'kuona ngati nkhani yatha.

Lachiwiri ndinali ndi ntchito zina, bimuyi sindinaikhudze. Lachitatu akitekiti anatumiza pulani yosinthidwa. Mwini nyumba wafuna kachipinda kena m'mwamba, ndipo khoma lake likhala pa bimu yathu yomweyi, koma osati utali wonse. Layambira pakati penipeni n'kukathera pa B, mamita 3, ndipo titawerenga kulemera kwa njerwa ndi pulasitala tinapeza 6 kN pa mita. Ndinamuuza mnyamata kuti abwereze.

Madzulo anandibweretsera RB ya 32 ndi RA ya 40. Anawonjezera kuti wacheka ngati zikugwirizana: 32 ndi 40 ndi 72, ndipo katundu yense ndi 72. Ndinali wotopa, ndinasayina pakona n'kunyamuka. Apa ndiye ndinalakwa ineyo, osati iye.

Zinandivuta ndili panjira. Khoma laikidwa mbali ya B, nanga bwanji RA yakwera ndi 9 ndipo RB yakweranso ndi 9 yomweyo? Khoma lokhala mbali imodzi silingagawike mofanana chonchi. Lachinayi ndinalawira, ndipo nditatsegula pepala lake ndinaona pamene panapotoka. Khomalo analisonkhanitsa bwino, 6 kuchulukitsa ndi 3 ndi 18 kN, koma analiimika pa mamita 3, pakati pa bimu, monga tinachitira ndi silabu Lolemba. Dzanja linangozolowera. Pakati pa khomalo si pakati pa bimu. Khoma layambira pa mamita 3 n'kuthera pa 6, ndiye pakati pake ndi mamita 4.5 kuchokera pa A.

```
RB x 6 = (30 x 3) + (24 x 2) + (18 x 4.5) = 219
RB = 36.5 kN
```

Chimene ndinafuna kuti amvetse kwambiri si 4.5 uja ayi, koma chifukwa chimene kucheka kwake sikunagwire cholakwikacho. RA anaipeza pochotsa RB pa 72. Ndiye akaphatikizanso ziwirizo, angapeze chiyani china kupatula 72? Ngakhale RB ikanakhala 5, RA ikanakhala 67 ndipo zikanagwirizanabe. Kucheka kwenikweni ndi kupita pa B n'kutenganso mamomenti kumeneko, mitunda yonse kuyezera kuchokera kumanja, osagwiritsa ntchito RB konse:

```
RA x 6 = (30 x 3) + (24 x 4) + (18 x 1.5) = 213
RA = 35.5 kN
```

Tsopano 35.5 ndi 36.5 zapezeka padera, ndipo pamodzi zikupanga 72. Koma apanso muyenera kuyeza mitunda kuchokera pa chojambula, osati kungochotsa pa 6 manambala a poyamba aja, chifukwa mukatero cholakwika chimasamukira kuno chili chomwecho. Khoma la 18 kN lapereka 13.5 kwa B ndi 4.5 kwa A, zimene zikumveka ndi maso omwe.

Kusiyana kwa 32 ndi 36.5 wina angati n'kochepa. Vuto ndi loti nambala imeneyi sithera pano. Imatsikira kwa amene akuwerengera mzati wa B, kenako maziko ake, ndiponso ndi imene timayambira pojambula shiya ndi momenti ya m'kati mwa bimu, ndiko kuti mphamvu zofuna kuidula ndi kuipinda, kuti tidziwe zitsulo zofunika. Pa zimenezi ndinamuchenjezeratu kuti kusonkhanitsa katundu woyala kukhala mmodzi kumathandiza pofuna kupeza mariyakishoni basi. Akadzafika pa momenti ya m'kati, katunduyo amubwezere moyala monga alili, apo ayi adzapeza momenti yabodza.

Lachisanu tinapita kusayiti ndi tepi. Mizati inali itaima kale, ndipo folomani anatiuza kuti mpata ndi mamita 5.7. Mnyamata nkhope inagwa, kuganiza kuti sabata yonse tawerengera bimu yolakwika. Ndinamutuma ayeze m'lifupi mwa mzati, anapeza masentimita 30. Folomani amayeza mpata wa pakati pa nkhope za mizati, pamene ife timayeza kuchokera pakati pa mzati wina kufika pakati pa unzake, ndiye theka uku ndi theka uko zikubwezera mamita 6 athu. Tisanachoke folomani anafunsa ngati sitingangoika mzati wachitatu pansi pa khomalo kuti mtima ukhale m'malo. Ndinamuuza kuti ndizotheka, koma ikatero si bimu yomweyi: mariyakishoni akhala atatu, masamu athu awiri aja sakwananso, ndipo pamwamba pa mzati wapakatiwo bimu imapindikira kwina, zitsulo zimafunika kumtunda. Anakanda mutu n'kunena kuti isiyeni momwemo.