Sabata ya manambala pa desiki yolandira mafoni a ngozi

Ndimagwira ntchito pa desiki yolandira mafoni a anthu amene agwa m'ngozi kutali ndi msewu, kenako ndimatumiza gulu lopulumutsa. Sabata ino mafoni sanachuluke, koma imodzi ya Lachitatu inatipatsa chokambirana mpaka Lachisanu.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali kuphunzitsa mnzathu watsopano kalandiridwe ka manambala osonyeza malo. Timayamba ndi latichudi, yonena kumpoto kapena kummwera, kenako longichudi, yonena kummawa kapena kumadzulo. Nambala iliyonse imatchulidwa payokha. Pa foni yodukaduka fifitini ndi fifite zimamveka chimodzimodzi, choncho timati wani, faifi kapena faifi, ziro. Ziro sitimudumpha, kadontho timakatchula kuti poyinti, ndipo kamzere ka mayinasi kotsogolera nambala nakonso n'kofunika, chifukwa pa latichudi kamatanthauza kummwera, pa longichudi kumadzulo. Anthu ambiri amakayesa kachizindikiro kopanda ntchito.

Lachitatu masana anaimba bambo wina amene mnzake anagwera m'chigwembe n'kuthyoka mwendo. Mawu anali kunjenjemera. Mnzathu watsopano uja anawauza kuti atsegule mapu pa foni, asindikize pa kadontho kosonyeza pamene aima, awerenge zimene zatuluka. Latichudi inali -12.4507, koma bambowo anangothamanga nayo: "thwelofu, fote faifi, ziro seveni." Sanatchule poyinti, sanatchulenso mayinasi.

Ngozi yagona pamenepa. Malo amodzi omwewo amalembedwa m'njira zitatu: madigiri okhala ndi kadontho, madigiri ndi maminiti, kapena madigiri, maminiti ndi masekondi. Mapu a pa foni kawirikawiri amapereka njira yoyamba, pomwe oyendetsa ndege ndi maboti opulumutsa anazolowera yachiwiri. Munthu wozolowera maminiti akamva manambala atagawidwa chonchija, dzanja limalemba lokha 12° 45.07'. Koma digiri imodzi ili ndi maminiti 60, osati 100. Kuti 0.4507 isanduke maminiti timaichulukitsa ndi 60, n'kupeza 27.04, ndiye malo enieni ndi 12° 27.04' kummwera. Kusiyana kwake ndi maminiti 18, ndipo miniti imodzi ya latichudi ndi mamita 1,852. Gulu likanakafika makilomita pafupifupi 33 kutali ndi wovulalayo, likufufuza m'tchire lopanda munthu.

Mnzathuyo sanalembe msanga. Anafunsa kuti, "Bambo, pakati pa manambalawo mukuona kadontho kokha, kapena pali kabwalo kakang'ono ndi timizere pamwamba?" Funsoli ndimalikonda chifukwa silifuna kuti woimbayo adziwe za madigiri, iye amangonena zimene maso akuona. Bambowo anati kadontho kokha, ndi kamzere kutsogolo. Kenako anawapempha kuti awerengenso imodziimodzi, iye n'kubwereza mokweza: "Kummwera, wani, thu, poyinti, folo, faifi, ziro, seveni. Ndalondola?" Anachita chimodzimodzi ndi longichudi. Zonsezi zinatenga nthawi yosakwana mphindi imodzi.

Pobwereza pamakhala msampha wina. Munthu wamantha amavomera chilichonse, ukangofunsa kuti "ndi choncho?" amati inde. N'chifukwa chake timamuuza kuti ayang'ane pa foni, aloze nambala iliyonse ndi chala pamene ife tikuwerenga. Tikatero timaika manambalawo pa mapu athu n'kufunsa chimene chili pafupi naye. Mapu akasonyeza mtsinje iye akunena kuti ali pamwamba pa phiri, ndiye kuti nambala ina yasochera. Tinawapemphanso bambowo kuti atumize manambalawo pa meseji, poti meseji nthawi zambiri imadutsa ngakhale pamene mawu akuduka.

Lachinayi tinatsutsana pang'ono ndi mnzathu wina amene amafuna kuti woimba aziwerenga manambala onse otsatira kadontho, ngakhale akhale khumi. Ine sindigwirizana nazo. Digiri imodzi ya latichudi ndi makilomita pafupifupi 111, choncho nambala yachitatu pambuyo pa kadontho ndi mamita 111, yachinayi mamita 11, yachisanu mita imodzi. Foni yokha imaphonya ndi mamita angapo ngakhale poyera, m'chigwa kapena pansi pa mitengo imaphonya kwambiri. Manambala anayi kapena asanu ndi okwanira, otsalawo amangodya batire n'kuwonjezera polakwira. Chimene ndingafunse m'malo mwake ndi kukula kwa bwalo lozungulira kadontho kosonyeza pamene woimbayo waima pa mapu, poti limasonyeza mmene foni ingaphonyere. Likakhala lalikulu, woimbayo apite poyera, adikire pang'ono lichepe, awerengenso.

Lachisanu tinasintha fomu yathu. Pamwamba pa malo olembapo manambala tinaikapo timabokosi titatu tosonyeza njira zitatu zija, ndipo wolandira foni ayenera kuchonga kamodzi asanalembe nambala iliyonse. Popereka malo kwa gulu lopulumutsa pa wailesi, tsopano tiziyamba ndi kunena kuti "madigiri a kadontho" kapena "madigiri ndi maminiti", iwonso azibwereza mawu omwewo pamodzi ndi manambala.