Lachinayi: kuyeza nyumba ya zipinda ziwiri ndi kujambula pulani yake pamanja

Ntchito ya lero inali ya nyumba yopanda chipinda cham'mwamba, ya zipinda zogona ziwiri, pabalaza, khitchini, bafa ndi kolido yodutsa pakati kuchokera kumaso mpaka kuseri. Mwini wake akufuna kuitsatsa, ndipo zithunzi ali nazo kale. Chomwe zithunzi sizinena n'chakuti chipinda ichi chalumikizana bwanji ndi chinzake, komanso ngati bedi lalikulu lingalowe n'kusiya pomadutsa. Pulani ndi imene imayankha zimenezo, bola manambala ake akhale ogwirizana okhaokha.

Zida sizinali zambiri: tepi yachitsulo ya mamita 8, tepi yaitali ya mamita 30 yoyezera kunja, pensulo, chofufutira, rula, kampasi yojambulira zozungulira, cholembera cha inki yakuda ndi mapepala a timabokosi ta mamilimita 5. Tisanatulutse tepi tinayamba tazungulira nyumba yonse n'kujambula chithunzithunzi cha maso okha, chosasamala sikelo, koma chachikulu kudzaza pepala kuti manambala apeze pokhala. Pachithunzi chimenechi khoma lililonse limajambulidwa ndi mizere iwiri, osati umodzi. Ukalijambula ndi mzere umodzi umaiwala kuti nalonso limadya malo, ndipo ukakhala patebulo madzulo umapeza kuti zipinda zako zikukana kulowa m'nyumba yake.

Kunja ndi kumene tinayambira. Kumaso kwa nyumba, kona mpaka kona, tepi inanena mamita 10.12, ndipo chammbali inanena 7.85. Manambala awiriwa ndi amene amaweruza ena onse. Chilichonse chomwe wayeza m'kati, ukachiphatikiza ndi makoma, chiyenera kubwerera pamenepa.

Khoma siliyezedwa moyerekeza. Pazenera ndi pakhomo ndi pamene limaonetsa kunenepa kwake, ndiye umatsegula n'kuyeza kuchokera pa pulasitala ya kunja kufika pa ya m'kati. Makoma akunja a nyumbayi anali a masentimita 25, am'kati 15. Nyumba ina ingakhale ndi manambala ena malinga ndi njerwa kapena mabuloko omwe anamangira, choncho si nzeru kutenga za nyumba ya dzulo n'kuziika pa ya lero. Ndi bwinonso kuyeza makoma am'kati angapo, chifukwa lina limapezeka lonenepa pamene poyamba panali pothera nyumba asanawonjezere chipinda.

M'zipinda tinkayeza chamsinkhu wa m'chiuno. Pansi penipeni pamakhala kathabwa kapena matailosi a m'munsi mwa khoma amene amaba sentimita imodzi kapena awiri mbali iliyonse. Tepi imafunika ikhale yokoka ndi yopingasa bwino, chifukwa ikawerama pakati kapena ikakwera mbali imodzi, nambala imatuluka yaikulu kuposa yeniyeni. Pakona yam'kati tepi siipindika bwinobwino, ndiye njira yake n'kugunditsa chibokosi cha tepiyo kukhoma, kuwerenga pamene tepi ikutulukira, n'kuwonjezera utali wa chibokosicho, umene pa matepi ambiri unalembedwa pathupi pake. Ndipo ngati tepi yanu ili ndi mainchesi mbali ina, masentimita mbali ina, sankhani mbali imodzi mpaka ntchito ithe. Manambala onse lembani mofanana, monga 4.60 ndi 0.80, osati pena mamita pena masentimita.

Pakhoma lokhala ndi chitseko ndi zenera pali njira imene imachepetsa zolakwika. M'malo moyeza kachigawo kalikonse pakokha, umakola tepi pakona imodzi n'kuwerenga zonse osaisuntha. Khoma lakumaso la pabalaza linatipatsa chonchi: zenera likuyambira pa 0.90, likuthera pa 2.70, khoma likuthera pa 4.60. Ukamasunthasuntha tepi, kakulakwa ka sentimita imodzi paliponse kamaunjikana, pomwe ukawerenga kuchokera poyambira pamodzi kamathera pomwe kachitikirapo. Pachitseko tinalembanso mbali imene kuli mahinjesi ndi kumene chimatsegukira. Munthu amaona ngati adzakumbukira, koma zitseko zikakwana zisanu ndi chimodzi zimasokonekera m'mutu.

Tisanachoke panyumbapo tinaphatikiza. Mzere wakumaso: khoma 0.25, pabalaza 4.60, khoma 0.15, kolido 1.10, khoma 0.15, chipinda chachikulu 3.60, khoma 0.25. Zonse pamodzi 10.10, pomwe kunja tinapeza 10.12. Kusiyana kwa masentimita awiri pa mamita khumi n'kwa pulasitala ndi dzanja logwira tepi, ndipo pa pulani yotsatsira nyumba sikudetsa nkhawa.

Mzere wakuseri ndi umene unali ndi nkhani. Mwini nyumba anali atatipatsa kapepala ka miyeso imene anayeza kale, ndipo chipinda chachiwiri chinalembedwa 3.00 kwa 3.00. Titaika nambala imeneyo pamzere zinatuluka chonchi: 0.25, khitchini 2.90, khoma 0.15, bafa 1.55, khoma 0.15, kolido 1.10, khoma 0.15, chipinda 3.00, khoma 0.25, zonse 9.50. Masentimita oposa 60 asowa. Kukula kwa chimene chasowa kumakuuza kokafufuza. Akasowa 15 kapena 25, pali khoma limene walidumpha powerengera. Akasowa 7 kapena 8, mwina sunawonjezere chibokosi cha tepi. Akasowa pafupifupi 60, kayang'ane kabati ya zovala yomangidwira kukhoma, chifukwa kuzama kwake nthawi zambiri n'komweko. Ndi mmenedi zinalili: tepi yakale ija inathera pa zitseko za kabati, osati pakhoma. Titatsegula kabati n'kuyeza mpaka kumsana kwake, chipinda chinakhala 3.60, ndipo mzere unafika 10.10 ngati unzake.

Funso limatsala lakuti pa pulani tilembe iti, 3.00 kapena 3.60. Ine ndimati lembani ya khoma ndi khoma, 3.60 kwa 3.00, kabatiyo ijambulidwe pamalo pake ndi dzina lake. Wofuna nyumba aona yekha kuti pansi poyendapo ndi mamita atatu, ndipo palibe amene anganene kuti munamubisira kanthu. Kulemba 3.60 osajambula kabati ndiye kumadzabweretsa mkangano tsiku limene munthu wabwera ndi bedi lake.

Kuyesa kwina n'kwa makona. Chipinda chingakhale ndi makoma oyang'anizana ofanana utali koma chili chopendekeka. Pabalaza ndi 4.60 kwa 4.20. Ukachulukitsa 4.60 ndi 4.60 umapeza 21.16, 4.20 ndi 4.20 umapeza 17.64, kuphatikiza 38.80, ndipo nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 38.80 ndi pafupifupi 6.23. Ndiye kuchokera kona ina kufika kona yopingasana nayo payenera kukhala mamita 6.23. Tinapeza 6.25 mbali ina, 6.22 mbali inzake, kutanthauza kuti makona ali bwino. Wosafuna masamu angoyeza mbali ziwirizo n'kuona ngati zikufanana. Zikasiyana ndi masentimita 15 kapena 20, chipindacho n'chopendekeka, ndipo pojambula umayamba ndi khoma limodzi, kenako ndi kampasi umakoka uta wa utali wa khoma lachiwiri kuchokera kumapeto kwina, ndi uta wa muyeso wopingasa uja kuchokera kumapeto kwinako. Pamene mauta awiriwo akumana ndi pamene pali kona.

Masana tinakhala patebulo. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 kwa 29.7. Pa sikelo ya 1:50, mita imodzi imakhala masentimita awiri papepala, ndiye nyumbayi imatenga masentimita 20.2 kwa 15.7. Pepala ukaligoneka chopingasa imalowa, n'kutsala malo olembapo m'mbali. Sikelo imeneyi inatikomera chifukwa kabokosi kamodzi ka mamilimita 5 kamaimira masentimita 25, omwe ndi khoma lakunja ndendende. Khoma lam'kati limakhala mamilimita atatu, chitseko cha masentimita 80 chimakhala mamilimita 16. Nyumba ikadakhala ya mamita 16 m'litali tikadapita pa 1:100, pamene sentimita imodzi ndi mita imodzi, kapena kutenga pepala la A3.

Kajambulidwe kamayambira kunja kulowa m'kati. Choyamba mpanda wonse wa nyumba ndi pensulo yopepuka, kenako mzere wam'kati wa makoma akunja, kenako makoma aatali ogawa nyumba monga a kolido, pomaliza tizigawo ting'onoting'ono. Ukayamba ndi chipinda chimodzi n'kumalumikiza chinzake pambali pake, kunenepa kwa nsonga ya pensulo kokha kumakusocheretsa ndi mamilimita angapo pofika kumapeto, ndipo pa 1:50 milimita imodzi ndi masentimita asanu m'nyumba yeniyeni. Pachitseko khoma limadulidwa, chitsekocho chimajambulidwa ngati mzere wotuluka pa mahinjesi, ndi kauta kosonyeza mmene chimazungulirira. Zenera ndi mizere yopyapyala m'kati mwa khoma. Sinki, chimbudzi, shawa ndi makabati osasuntha zimajambulidwa, koma mipando ndi mabedi a mwini nyumba ayi, poti adzachoka nazo. Zonse zikakhala m'malo mwake umadutsamo ndi inki, makoma n'kuwadetsa kuti aoneke patali, ndipo umadikira inki iume usanafufute pensulo.

Pa masikweya mita ndi pamene otsatsa ambiri amapusitsa anthu, ena mosadziwa. Kunja kwa nyumbayi, 10.12 kuchulukitsa ndi 7.85, kumapereka 79.4. Koma zipinda zikawerengedwa chilichonse pachokha, pabalaza 19.3, chipinda chachikulu 15.1, chachiwiri 10.8, khitchini 8.7, bafa 4.7 ndi kolido 8.1, zimakwana 66.7 basi. Pafupifupi masikweya mita 13 ali pansi pa makoma. Manambala onse awiri ndi oona, koma pa pulani muyenera kunena kuti mwalemba iti. Ife tinalemba 66.7 ndi mawu akuti "m'kati mwa zipinda, osawerengera makoma". Khonde, likakhalapo, limalembedwa palokha, silisakanizidwa ndi zipinda.

Pansi pa pepala tinajambula kamzere ka sikelo kogawidwa mita imodzi imodzi mpaka mamita asanu. Kulemba "1:50" kokha sikukwanira, chifukwa pulani ikajambulidwa pafoni n'kuikidwa pa malonda, imakula kapena kuchepa malinga ndi chimene munthu akuonerapo, pomwe kamzereko kamakula ndi kuchepa limodzi ndi nyumba. Tinaikanso muvi wa kumpoto, muvi wa khomo lolowera, ndi chiganizo chonena kuti miyeso ndi yongothandiza wofuna nyumba, si pulani yomangira kapena ya malire a malo.

Chithunzi cha pepalalo tinachijambula pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera chammbali, foni itayang'ana pansi molunjika pakati pa pepala. Foni ikapendekeka pang'ono chabe, makoma oyang'anizana amaoneka ngati akukakumana kutsogolo. Kenako tinachichepetsa pafoni pomwepo mpaka kukula kwa chikhatho kuti tione ngati manambala akuwerengeka. A m'bafa sankaoneka bwino chifukwa anapanikizana ndi chizindikiro cha shawa, ndiye tinawatulutsira kunja kwa khoma ndi kamzere kolozera, n'kujambulanso.